Solenoyidi ya VVT-i ya injini ya Toyota ya 1NZ-FE: yagwira ntchito, koma kasefa mugule padera

Ndaipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Injini inkanjenjemera galimoto ikaima, nthawi zina n'kuzima, ndipo makina oyezera anaonetsa P0011, nambala yosonyeza vuto la nthawi yotsegukira mavalavu. Nditamanga solenoyidi iyi vutolo linatheratu.

Musanagule, dziwani ntchito yake, chifukwa si phokoso lililonse la kumutu kwa injini lomwe ingathetse. Kamushafuti ndi chitsulo chachitali chokhala ndi timapewa tokankha mavalavu kuti atseguke, kenako masipuling'i amawabweza. Imazungulira kamodzi kirankishafuti ikazungulira kawiri. Pa injini zakale nthawi yotsegukira mavalavu inali imodzimodzi basi. Pa VVT-i, giya la kamushafuti yolowetsa mpweya lili ndi tizipinda mkati mwake. Kompyuta ikalamula, solenoyidi imatumiza oyilo mbali iyi kapena inayo, ndipo oyiloyo amapotoza kamushafuti pang'ono kuti mavalavu azifulumira kapena kuchedwa kutseguka. Kuya kwa katsegukidwe kawo sikusintha.

Injini ikamalira galimoto itaima, valavu yolowetsa mpweya imayenera kuchedwa, kuti isakhale yotseguka limodzi ndi yotulutsa utsi. Mukaponda mafuta pakatikati, imafulumizidwa: imatsekanso msanga, mpweya subwerera m'mbuyo, galimoto n'kumakoka bwino. Injini ikathamanga kwambiri imachedwetsedwanso, popeza mpweya umakhala ndi liwiro moti umalowabe ngakhale pisitoni yayamba kukwera. Solenoyidi yanga yakale inkakakamira pamalo ofulumiza, choncho utsi unkasakanikirana ndi mpweya watsopano pa nthawi yosayenera. Kunjenjemera kuja kunkachokera pamenepo.

Yakaleyo ndinaiyeza ndi mita. Koyilo yake inali bwino, pakati pa maomu 6.9 ndi 7.9 monga zimafunikira ikazizira, n'chifukwa chake mita yokha ingakupusitseni. Nditaigunditsa ku batire, kapisitoni ka mkati sikanasunthe bwino, kanali katamatidwa ndi phala lakuda la oyilo wokhalitsa. Yatsopanoyi imati tha! nthawi yomweyo, n'kubwerera mukachotsa waya. Kumanga kwake ndi bauti imodzi ya sipanala ya 10 ndi pulagi, ndipo mphira wake unakhala bwino, sikudontha.

Nyenyezi imodziyo ndachotsa chifukwa wogulitsa sanaikemo kasefa ka oyilo wopita ku solenoyidi, ngakhale kukatchula komwe. Kasefako kamakhala kuseri kwa bauti ina m'mbali mwa mutu wa injini. Kanga kanatuluka katatsekeka theka. Kakatsekeka, giya lija limasowa oyilo ngakhale solenoyidi ili yatsopano, ndiye ndinakasintha pamodzi ndi oyilo.

Ngati injini yanu imangochita gwedegwede kwa kamphindi poliza itazizira kenako n'kukhala chete, solenoyidi iyi mwina sikuthandizani. Kawirikawiri kamakhala kapini kokhoma giya la kamushafuti komwe katha, ndipo posintha giyalo mpaka atsegule chivundikiro cha mavalavu n'kumasula tcheni.