Miyezi isanu ndi iwiri ndikusintha kumbuyo kwa zithunzi ndi Batch ya Photoshop

"Achimwene, njira ija munkayesa yosintha kumbuyo kwa zithunzi za ma ID zambirimbiri nthawi imodzi, mukuigwiritsabe ntchito? Kapena munabwerera kodula chimodzichimodzi?"

Ndikadali nayo, mlongo wanga, ndipo sindikuganiza zoisiya. Kungoti Action, mndandanda wa masitepe omwe Photoshop imasunga n'kumawabwereza yokha, yomwe ikuyenda pa laputopu yanga lero si ija ndinakuonetsani poyamba. Ndaimasula n'kuimanganso katatu, ndipo ulendo uliwonse chinandikakamiza ndi ntchito yomwe inabwerera kuchokera kwa kasitomala.

Mmene ikuyendera pano ndi motere. Mu Photoshop ndimatsegula Window > Actions, n'kudina Record pa chithunzi chimodzi choyeserera. Choyamba ndi File > Automate > Fit Image, pomwe ndimalemba 1800 m'mabokosi onse awiri. Kenako Layer > New > Layer from Background kuti leya imasuke, Select > Subject kuti kompyuta ipeze munthu, Select > Modify > Contract ya mapikiselo 2, Feather ya pikiselo imodzi, ndiye Layer > Layer Mask > Reveal Selection. Pomaliza ndimaika leya ya Solid Color ya mtundu womwe sukulu yafuna, kuitsitsa pansi pa munthuyo, n'kusunga ngati PSD, fayilo ya Photoshop yomwe imasunga maleya onse. Ndikatero ndimapita ku File > Automate > Batch, yomwe imayendetsa Action pa zithunzi zambiri motsatizana, kuloza foda ya zithunzi, ine n'kupita kukafulula tiyi.

Ntchito yomwe inandiphunzitsa zambiri inali ya sukulu ina ya sekondale, ana 360. Podula pamanja ndimatha mphindi zinayi pa chithunzi, kutanthauza kuti akanakhala maola 24 nditangokhala pampando. Batch inkatenga masekondi pafupifupi 12 pa chithunzi, choncho inamaliza pa ola limodzi ndi mphindi 12. Ndinasangalala, ndinasindikiza, ndinakapereka. Patatha masiku awiri aphunzitsi ena anandiimbira kuti ana ena alibe mapewa.

Ankanena zoona. Yunifolomu ya anyamata inali shati yoyera, ndipo kalasi imodzi ndinaijambula atatsamira khoma lopaka laimu chifukwa nsalu yanga inkauluka ndi mphepo. Pomwe dzuwa linawomba phewa, shati ndi khoma zinasanduka chinthu chimodzi, ndipo Select Subject inadula phewalo ngati lalumidwa ndi galu. Pa zithunzi 31 zomwe zinaonongeka, 24 zinali za kalasi yapakhomayo. Zisanu ndi ziwiri zotsalazo zinali za atsikana oluka tsitsi, pomwe timipata tapakati pa zingwe za tsitsi tinatsala ndi mtundu wa nsalu yakale.

Apa mpomwe ndinazindikira kuti nthawi yomwe Batch ingakupulumutsireni imadziwika pa tsiku lojambula, osati pa kompyuta. Pano ndimanyamula nsalu yotuwa, yosawala, chifukwa imasiyana ndi shati yoyera, juzi yabuluu, ngakhalenso tsitsi lakuda. Kamera imakhala pa miyendo yake osasuntha, pansi ndimalemba mzere ndi choko pomwe mwana aziima, pafupifupi mita imodzi kuchokera pansalu. Mita imeneyo ndi yofunika: mwana akayandikira kwambiri, mthunzi wake umagwera pansalu ndipo kompyuta imautenga ngati mbali ya mutu. Komanso nsalu ya mtundu wowala, makamaka yobiriwira kapena yofiira, imabwezera mtundu wake m'makutu ndi m'khosi, ndipo umenewo sutha ngakhale mutadula bwino chotani. Sukulu yomwe ndajambula posachedwa inali ya ana 290, ndipo zofunika kukonza pamanja zinali zisanu ndi zitatu zokha.

Fit Image ija ndinaionjezera mochedwa, ndipo ndi yomwe anthu ambiri amaiwala. Contract imawerenga mapikiselo, siiyang'ana kukula kwa munthu. Pa chithunzi cha kamera yanga, chotalika mapikiselo 6000, kuchotsa awiri m'mphepete sikuoneka n'komwe, ndipo kamzere koyera kozungulira mutu kamatsala. Koma ana omwe anajomba tsiku lojambula amatumiza zithunzi zawo pa WhatsApp, zitafinyidwa kale, ndipo pa zimenezo mapikiselo awiri omwewo amadya nsonga ya khutu. Zonse zikayamba zayandikana kukula, Contract imagwira pafupifupi mofanana. Ndimachonga Don't Enlarge kuti zazing'onozo zisakokedwe, ndipo zochepa kwambiri ndimaziika mu foda yakeyake n'kuzichita padera.

Cholakwa china chinali changa ndekha. Pojambula Action yoyamba ndinalemba dzina la fayilo pa Save As, ndiye poyendetsa Batch sindinachonge Override Action "Save As" Commands. Laputopu inagwira ntchito ola lathunthu, chithunzi chilichonse chikufufuta chinzake pa dzina lomwelo, ndipo mu foda ndinapezamo nkhope imodzi ya mwana womaliza. Mwayi wake zoyambirira zinali bwinobwino mu foda ina. Chiyambire tsiku limenelo sindiyendetsa Batch pa foda yochokera mu kamera, ndimayamba ndakopera. Pa Errors ndimasankha Log Errors to File, osati Stop for Errors, chifukwa Select Subject ikalephera kupeza munthu pa chithunzi chimodzi, ntchito yonse imaima n'kumadikira kuti mudine, inu muli kumsika.

Za PSD anthu amanditsutsa kuti imadzaza malo. Imadzazadi. Koma masiki, yomwe imangobisa mbali yodulidwa osaifufuta, ikakhalapo, phewa lodyedwa lija ndimalibwezeretsa ndi burashi yoyera pa mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo sukulu ikasintha maganizo kuti ikufuna kumbuyo koyera m'malo mwa buluu, Action yaing'ono yosintha leya ya Solid Color imatha zonse osadulanso aliyense. Ma JPEG osindikiza ndimatulutsa pamapeto ndi File > Scripts > Image Processor, ndipo ma PSD ndimafufuta pakatha teremu.

Kuyang'ana zotsatira ndiye sindidumphanso. Tizithunzi ting'onoting'ono ta mu foda timanamiza, phewa loperewera silioneka. Ndimatsegula foda mu Adobe Bridge, kudina Space kuti chithunzi chidzaze sikirini, n'kumapita patsogolo ndi muvi, maso ali pa malo atatu: makutu, mapewa ndi pamwamba pa mutu. Zithunzi 300 zimanditengera mphindi 20. Ndikakayikira kuunika kwa tsikulo, ndimayamba ndayesa zithunzi 20 pa kumbuyo kwa pinki wowala, chifukwa pa pinki kachidutswa kalikonse ka nsalu yakale kamaonekeratu.

Mu Preferences > Image Processing muli posankha pakati pa Device ndi Cloud. Cloud imadula bwino tsitsi loluka, izi ndaziona ndi maso anga, koma chithunzi chilichonse chimayenera kupita pa intaneti, ndiye bandulo imatha ndipo netiweki ikagwa ntchito imasokonekera. Palinso nkhani yoti izi ndi nkhope za ana a eni ake. Ine ndimasiya pa Device, za tsitsi lovuta n'kuzikonza pamanja mu Select and Mask.

Pomwe njirayi yandikanika mpaka lero ndi pa zithunzi za ukwati ndi za magulu. Velo ya mkwatibwi imaonekera mkati, ndiye kumbuyo kwakale kumatsalira mu nsalu momwemo, ndipo pa gulu kompyuta imasankha yokha woti imusunge ndi woti imutaye. Zimenezo ndimadulabe chimodzichimodzi, ndipo mtengo wake ndimatchula wina.