Zitenje zanga zitatu patatha miyezi: cholimba ndi chiti?

Nditangogula zitenje zitatuzi ku Limbe mvula isanayambe ndinayamikira kwambiri cha wakisi. Tsopano poti zachapidwa kambirimbiri ndipo khanda laberekedwa nazo mpaka layamba kukwawa, ndinganene zenizeni. Zonse ndi za mamita awiri: cha wakisi chokwera mtengo, cha thonje wamba, ndi china chonyezimira chotchipa chosakaniza ndi poliyesitala.

Pobereka mwana, cha thonje wamba ndicho chapambana. Chitachapidwa kangapo chinafewa, ndipo mfundo ya pachifuwa ikamangidwa imagwira mpaka mutaimasula nokha. Ine ndimadutsitsa nsonga imodzi paphewa, ina kukhwapa, m'munsi n'kupisa bwino pansi pa matako a mwana kuti akhale ngati ali pampando, miyendo ili uku ndi uku. Chonyezimira chija chimaterera. Mumamanga bwinobwino, koma musanafike kuchigayo mumamva mwana watsikira m'chiuno ndipo mfundo yakwera kukhosi. Chimatenthanso, kamsana ka mwana kamachita thukuta. Amayi anzanga, chimenechi musaberekere, ine ndinachisandutsa choyala pansi. Cha thonjecho nachonso chayamba kupyapyala pafupi ndi nsonga pomwe pamakhala mfundo. Muzichiyang'ana padzuwa, ulusi ukayamba kutalikirana ndiye kuti chatopa.

Cha wakisi pobereka n'chouma, mfundo yake imakula n'kumatsamira pafupa. Koma kuuma komweko ndiko kumakometsa duku: mukapinda n'kumanga, limaima osagwa tsiku lonse la chinkhoswe. M'chiuno chimakhalanso bwino, makamaka mukamangira kachingwe mkati. Mtundu sunasuluke chifukwa ndimachapa ndi sopo wamtanda m'madzi ozizira n'kuyanika pamthunzi. Pogula mutembenuze: chabwino maluwa ake amawala pafupifupi chimodzimodzi mbali zonse, pamene chotchipa kuseri kumakhala kotuwa.

Nkhani ya zojambula ndiyo sindinaiganizire bwino poyamba. Cha maluwa wamba chimalowa paliponse, kumaliro, kusikelo, kumsika. Koma chitenje china chimayankhula musanatsegule pakamwa. Tambala wakuda aliyense amadziwa kuti ndi Kongeresi, chimanga pansalu yabuluu ndi DPP, chachikasu chokhala ndi nkhope ya mtsogoleri anthu amati UDF. Apongozi anandipatsa china chachipani, nsalu yolimba ndithu, koma chimangothera pakhomo, chifukwa pamaliro kapena mu minibasi sindifuna kuyamba kufunsidwa zandale. Cha mpingo sichivuta choncho, ngakhale kuti mukavala cha msonkhano wa Mvano musadabwe wina akakupemphani kuti mutsogolere nyimbo pasiwa.

Ndikapitanso ku Limbe ndikagula ziwiri za thonje, kuti china chikamauma china chikhale kumsana. Wakisi mmodzi yemweyu andikwanira.