Kebulo yaitali yowonda ndi yaifupi yokhuthala: yotchaja msanga ndi iti?

Kunyumba kwathu ku Chinamwali soketi ili kutali ndi bedi, choncho ndinagula kebulo ya mamita 2 mumsika wa Zomba. Foni yomwe inkadzadza m'maola atatu inayamba kugonera pa chaja mpaka m'mawa, ndipo ndinkaganiza kuti batire yatha, pomwe vuto linali waya.

Chaja wamba chimatulutsa mavolti 5, koma si onse amene amafika ku foni, chifukwa waya aliyense amakaniza magetsi pang'ono, ndipo kukanizako kumakula waya akawonda kapena akatalika. Tizikumbukiranso kuti magetsi amapita ndi waya mmodzi n'kubwerera ndi wina, kotero m'kebulo ya mamita 2 amayenda mamita 4.

Tiyambe ndi yaitali ija, yomwe pachikopa pake panalembedwa 28AWG, nambala yosonyeza kukhuthala kwa waya wam'kati. Waya wakopa wotere amakaniza ndi maomu 0.21 pa mita, ndiye pa mamita 4 ndi maomu pafupifupi 0.85. Foni ikafuna kukoka maampeya 2, panjira pamatayika mavolti 1.7 n'kutsala 3.3 okha, ndipo otayikawo amasanduka kutentha, n'chifukwa chake kebuloyo imafunda mukaigwira. Mafoni ambiri salola zimenezi: mavolti akatsika kufika cha pa 4.5, foni imachepetsa yokha magetsi amene ikukoka. Pa kebulo imeneyi imatsala ndi maampeya pafupifupi 0.6, ndipo batire ya 5000mAh imafuna maola oposa 8.

Yaifupi ya mita imodzi yolembedwa 24AWG imakaniza ndi maomu 0.17 okha kupita ndi kubwera komwe. Pa maampeya 2 imataya mavolti 0.34, ku foni kumafika 4.66, ndipo kutchaja kumayenda bwino. Nambala ya AWG ikachepa ndiye kuti waya ndi wokhuthala, zomwe zimasokoneza ogula ambiri.

Musanyengeke ndi kunenepa kwa kunja, pakuti pali makebulo onona ndi pulasitiki koma m'kati muli tiwaya tonga tsitsi. Ngati sanalembe kanthu, yesani makebulo awiri pa chaja chimodzi, batire ili pa mlingo wofanana, ndipo muone maperesenti amene awonjezeka m'mphindi 15.

Nanga amene soketi ili kutali atani? Ine ndinasankha kutalikitsa mbali ya kukhoma: ekisitenshoni, kenako chaja, kenako kebulo yaifupi. Kumeneko kuli mavolti 230, ndipo chaja cha mawati 10 chimakoka maampeya osafika 0.1, kotero ngakhale pa mamita 5 zotayika n'zosawerengeka. Ngati mukufunabe kebulo ya mamita 2, funani ya 20AWG, yomwe pa maampeya 2 imataya mavolti osafika 0.3, ngakhale kuti ndi yolimbirapo poipinda ndiponso yokwererapo mtengo.