Ndinapita ndi ntchito 23, potifoliyo yatsala ndi 8

Mwezi wathawu ndinalipira K45,000 kuti mayi wina wodziwa za dizaini, yemwe ali ndi kaofesi cha ku Ginnery Corner, andiunikire potifoliyo yanga, mtolo wa zitsanzo za ntchito zanga womwe ndimaonetsa pofunsira ntchito. Dzina lawo sinditchula chifukwa pali zina zimene ndidandaule kumunsiku. Ine ndimakhala ku Chilomoni, ndipo ndakhala ndikupanga malogo, maposita ndi makhadi aukwati kwa zaka zinayi. Chaka chino ndikufuna ntchito yokhazikika ku kampani yopanga malebulo ndi mapaketi a katundu. Ndinatumiza makalata katatu konse, yankho lake zii.

Pa ndalama imeneyi mumalandira maola awiri okhala nawo pamasom'pamaso, ndiponso ndemanga zolembedwa zomwe amati amatumiza pakatha masiku atatu. Potifoliyo mumaitumiziratu. Yanga inali PDF ya masamba 41, yolemera 86 MB, moti inakana kupita pa Gmail, pomwe malire ake ndi 25 MB, ndiye ndinaiika pa Google Drive. Ndisanakhale n'komwe pampando anandifunsa kuti, "Achimwene, bwana amene akutsegula pafoni ndi bandulo yake, mukuganiza kuti adikira kuti chimenechi chitsike?" Ndinangoseka, koma mumtima ndinakumbukira makalata anga atatu aja.

Chimene chinandisangalatsa n'chakuti anali atakonzekeradi. Ntchito iliyonse anaisindikiza yaing'ono, zinayi pa pepala limodzi la A4, n'kuzidula ndi sizasi, n'kuziyala patebulo ngati tomato pamsika wa Limbe. Zinalipo 23: makhadi aukwati 6, maposita 4, malogo 5, malebulo 3, zotsatsa za pa Facebook 2, kalendala ya sukulu, magazini yomwe tinapanga pagulu tili pa kozi, ndi pulogalamu ya maliro. Ukamatsegula tsamba limodzilimodzi pakompyuta suona kuti ukubwereza. Patebulo paja zinaonekeratu poyera kuti pafupifupi theka la potifoliyo yanga linali ukwati ndi misonkhano ya chitsitsimutso, pomwe ine ndikupempha ntchito ya malebulo.

Anayamba ndi makhadi aja. Anatola imodzi, kenako yachiwiri, n'kufunsa kuti yachiwiriyi ikuwauza chiyani za ine chomwe yoyamba sinawauze. Ndinalibe poyankha, chifukwa onse anali maluwa m'mbali, mayina pakati, fonti yopendekera. Inatsala imodzi, yomwe inali yopinda katatu, chifukwa imaonetsa kuti ndimadziwa kuwerengera popinda pepala, luso lomwe limafunikanso popanga kabokosi. Maposita anawayesa mwa njira ina. Amandiimika masitepe atatu kuchokera patebulo, kuinyamula posita kwa masekondi atatu, n'kuitembenuza, ndiye ndinene kuti chochitikacho n'chiyani, kuti, ndipo liti. Posita ina, yomwe ndinaipanga ndekha ndi manja angawa, ndinalephera kutchula tsiku lake. Linabisala pansi pa chithunzi cha abusa, ndipo mafonti analimo 6. Atatu anachoka. Zotsatsa za pa Facebook ndi kalendala zinachoka mosakambirana n'komwe.

Magazini ija inandipweteka pang'ono, chifukwa imaoneka bwino. Koma atandifunsa kuti pa masamba 24 ine ndinagwira angati, ndinati awiri. Anati ngati ndikuifuna ndionetse awiriwo basi ndi kulemba kuti chikuto anapanga wina, apo ayi tsiku lofunsidwa mafunso adzandifunsa za chikutocho ine n'kuyamba chibwibwi. Masamba anga awiriwo paokha sanali kanthu. Inachoka.

Pamene panathera ndalama yanga ndi pa ntchito ziwiri izi. Patsamba loyamba ndinaika logo ya malo omwera khofi, malo oti kulibe, ndinangowapeka ndekha. Inali yagolide, yomatidwa pa chithunzi cha khoma lakuda chomwe ndinatsitsa pa intaneti, ndipo anzanga pa WhatsApp anaiyamikira kwambiri. Mayiwa anaichotsa pakhomapo, anaichepetsa kufika masentimita 2, n'kuisindikiza ndi inki yakuda yokha pa pulinta ya muofesi mwawo. Timizere ta utsi wa khofi tija tinagwirana tonse, dzina silimawerengeka, panangotsala kachidontho. Anati logo imakhala pa chidindo, pa lisiti, pa yunifolomu yopeta ndi ulusi, ndipo yanga imakhala ndi moyo pakhoma lokhalo la munthu wina. Anawonjezera kuti khoma limenelo analiona kale m'mapotifoliyo ambirimbiri pa Behance, tsamba la pa intaneti pomwe anthu a dizaini amaonetsa ntchito zawo, moti wolemba ntchito akaliona amadziwiratu kuti kukongolako si kwanu. Malogo atatu analephera mayeso omwewa, awiri anapulumuka.

Kenako anatola lebulo ya chiponde yomwe ndinaikankhira patsamba 36. Ndinaipangira gulu la amayi a kwathu konkuno, ndipo ndimachita nayo manyazi chifukwa chithunzi cha botolo ndinajambula ndi foni usiku, kumbuyo kukuoneka ndowa. Anati ndifotokoze mmene ntchitoyo inayendera. Ndinawauza kuti amayiwo amafuna malebulo 200 a mabotolo a magalamu 500, koma ndalama zinali zochepa. Poyamba lebuloyo inali masentimita 19 m'litali ndi 8 msinkhu, ndiye pa pepala lomata la A4 pamakwana atatu, kutanthauza mapepala 67. Nditatsitsa msinkhu kufika masentimita 6 anayamba kukwana anayi, mapepala n'kukhala 50. Vuto linali loti pamalo ochepawo pakwanebe dzina, zosakaniza, kulemera kwake, tsiku lothera ntchito ndi adiresi ya opanga, zomwe lebulo ya chakudya siingasowe. Ndinachotsa chithunzi cha mtedza n'kusiya kachizindikiro kamodzi, zosakaniza ndinazisunthira kumbali. Ndinaululanso zolakwa zanga. Ulendo woyamba ndinatumiza fayilo ili mu RGB, mitundu ya pasikirini ya kompyuta, kufiira kowala kuja kunatuluka ngati njerwa, ndiponso sindinasiye mamilimita 3 opitirira m'mphepete, moti podula panatsala kamzere koyera. Ndinabwereza mu CMYK, mitundu ya inki yosindikizira, n'kuyamba ndasindikiza pepala limodzi loyesera.

Nditamaliza anangoti, "Ndiye zonsezi mwazibisa patsamba 36?"

Anati kampani ya malebulo ikufuna kumva zimenezi ndendende, kuti munthuyu amadziwa kuti pepala ndi ndalama, ndipo anapsapo kale ndi mitundu ya inki. Tinagwirizana kuti ikhale yoyamba ndipo itenge masamba atatu. Loyamba lionetse botolo lili pa shelefu m'golosale pakati pa katundu wina, kuti zioneke ngati likukopa maso. Lachiwiri lionetse lebulo yoyalidwa, miyeso yake italembedwa. Lachitatu lionetse ya masentimita 8 ndi ya 6 pambalipambali, ndi chiganizo chimodzi cha mapepala 17 omwe anapulumuka. Chithunzi anati ndikajambulenso m'mawa pafupi ndi windo, kumbuyo ndiike pepala loyera. Foni yomweyo inakwanira.

Pa kasanjidwe, ine ndinkatsata zaka, kuyambira zakale kufika zatsopano, kupatula logo ya khofi ija. Anati zimenezo zimachititsa kuti munthu ayambe ndi ntchito zomwe ndinapanga ndisanakhwime, ndipo ambiri safika kumapeto. Mmene anasanjira ndi motere: yamphamvu kuposa zonse kutsogolo, yachiwiri kwa iyo kumapeto kuti wotseka fayilo atseke ali wokhutira, zinazo pakati. Koma pakatipo anakhalitsa, akusuntha timapepala tija uku ndi uku. Samafuna ntchito ziwiri zofiira zitsatizane, kapena malogo awiri agundane, chifukwa zikagundana munthu amayamba kuzifanizira n'kupeza yofooka. Lebulo yachiwiri, ya uchi, inapita kumapeto. Yachitatu, ya sopo, inakhala pakatikati kuti wowerenga asaiwale ntchito yomwe ndikupempha. Pa ya sopoyi anandichenjeza kuti katunduyo sanafike pamsika, choncho ndipemphe kaye chilolezo kwa mwini wake. Sindinaganizeko n'komwe. Ndinaimba foni, mwiniwakeyo analola bola ndisaonetse mtengo.

Pansi pa ntchito iliyonse anati ndilembe mizere itatu yokha: ndinapangira ndani, vuto linali chiyani, ine ndinachita chiyani. Ndime yanga yaitali yonena kuti ndimakonda zojambula kuyambira ndili mwana anaikhwatcha yonse, limodzi ndi timipira tija toonetsa kuti Photoshop ndimaidziwa 90 pa 100 alionse. Anafunsa kuti anandiyeza ndani.

Tsopano zodandaula. Ananditsegulira mochedwa ndi mphindi 40, ine nditadzuka m'mamawa kulimbana ndi minibasi, ndipo nthawiyo sanaibweze yonse. Ndemanga zolembedwa zija zinafika patatha masabata awiri, nditakumbutsa kawiri, ndipo zinali zachidule kuposa zomwe tinakambirana. Mwayi wanga ndinajambula tebulo lija ndi foni tisanaphwasule. Mukapita, chitani chimodzimodzi, ndipo tengani kope. Chinanso, ndinawaonetsa kakanema kotsatsa ka masekondi 15, anangoti za makanema si mbali yawo. Kunena zoona n'kwabwino, koma akanazilemba pa uthenga wawo wotsatsa kuti wa makanema asataye ndalama yake.

Pamene sitinagwirizane mpaka lero ndi pa pulogalamu ya maliro. Iwo anati ichoke, chifukwa palibe amene amafuna kuona maliro m'potifoliyo, ndipo anandisiyira ntchito 7. Ine ndikuona kuti apa anaweruza ndi mtima osati ndi diso. Pulogalamu imeneyo inali ya masamba 8, Chichewa ndi Chingerezi mbali ndi mbali, nyimbo ndi mbiri ya malemu, zilembo zake zazikulu moti agogo amawerenga opanda magalasi, ndipo ndinaimaliza usiku umodzi popanda dzina lolakwika. M'potifoliyo monsemo palibe ntchito ina yoonetsa kuti ndimatha kusanja mawu ambiri m'zilankhulo ziwiri, pomwe malebulo ambiri kuno amafuna zomwezo. Ndiye funso lawo lomwe lija, loti ntchitoyi ikunena chiyani chomwe zina sizinanene, ndi limene linaibweza. Ndinapempha chilolezo kwa abanja, ndinachotsa chithunzi ndi mayina, ndinaiika pa nambala 6.

Mayi ounikirawa ndikuwapatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Ngati muli ndi ntchito zosakwana khumi, dikirani kaye, chifukwa luso lawo lagona pa kudula, ndipo pazochepa palibe chodula. PDF yanga tsopano ili ndi masamba 14, ikulemera 6 MB. Ndinaitumiza malo awiri, amodzi anandiitana sabata yathayi. Bambo amene amandifunsa mafunso anakhalitsa patsamba lachitatu lija, kenako anatenga pensulo n'kundifunsa kuti pa pepala la A3 akanakwana angati. Yankho la ntchitoyo ndikudikirabe.