Dzuwa, vinega kapena soda: chimachotsadi fungo la mkodzo pa matiresi ndi chiti?

Ife a kuno ku chigwa timadalira dzuwa pa chilichonse, mwana akangokodza pogona m'mawa matiresi panja basi, ndipo ndi dzuwa la Okutobala la kuno ku Ngabu ikamakwana 10 koloko yauma kale gwaa. Nane ndimatero ndi kamnyamata kanga ka zaka 5, mpaka mvula yoyamba itagwa m'chipinda munayamba kununkha ngati m'khola la mbuzi pomwe mwanayo anali atatha sabata osakodza. Mpomwe ndinayamba kuyesa zitatuzi chimodzichimodzi.

Dzuwa limaumitsa, limaphanso tizilombo ta pamwamba, koma silichotsa chomwe chalowa mkati mwa siponji. Madzi a mu mkodzo amauluka, mchere wake umatsala momwemo, ndiye kukangochita chinyezi kapena mwana watuluka thukuta usiku fungo lija limadzuka. Komanso siponji ukamaiyanika tsiku lonse daile pa dzuwa lathuli imasanduka yachikasu nkuyamba kuyoyoka, yanga m'mbali inayamba kunyenyeka ngati chigumu. Ndiye dzuwa inde, koma likhale lomalizira.

Vinega ndi amene amalimbana ndi fungo lenilenilo. Mkodzo ukakhalitsa tizilombo timausandutsa amoniya, uja amalasa m'mphunoyu, ndipo vinega poti ndi asidi amamupha mphamvu. Mugule woyera uja, wabulauni amatha kusiya banga. Ine ndimachita chonchi: ndikapeza panyowa ndimatenga chitenje chakale chouma nkupondapo ndi phazi kuti chimwe mkodzowo, osapukuta mokhula ayi, mukakhula mukungoukankhira mkati. Kenako kapu imodzi ya vinega, kapu imodzi ya madzi ozizira, ndimathira m'botolo loboola chitsekerero nkuwaza pamalopo mpaka papitirire pang'ono pomwe banga lathera. Apa ambiri timalakwitsa poumira, timangodontheza pamwamba pomwe mkodzo unalowa mpaka pakati. Vinegayo afike pomwe mkodzo unafika. Dikirani mphindi 15, mupondenso ndi nsalu youma kawiri katatu. Kuipa kwake m'nyumba mumanunkha ngati pa chiwaya cha tchipisi, koma limenelo limatha lokha ikauma.

Soda ndi yemweyu wophikira therere, osati bekingi pauda wa mandasi. Payekha pa banga lakale louma ine sanandithandize, ndinangowononga ndalama. Ntchito yake ndi kuyamwa chinyezi ndi kafungo kotsalira, ndiye amagwira bwino pamalo poti mwapondaponda kale pangotsala kuzizirira. Wazani wokwanira mpaka pachite mbuu, asiyeni maola 8 kapena kuposa, mukamkung'unthe panja.

Chomwe ndimakana ine ndi zija amati sakanizani vinega ndi soda m'beseni. Zimachita thovu lambiri mpaka umaona ngati mankhwala amphamvu, koma thovulo ndi umboni woti ziwirizo zaphana, chotsala ndi madzi amchere chabe. Vinega ayambe, mumuchotse, soda abwere pambuyo.

Poyanika imikani matiresi motsamira khoma kuti mphepo idutse mbali zonse, maola awiri atatu mbali iyi, mutembenuze, kenako pamthunzi. Pofuna kudziwa ngati zatheka musanunkhize masana ili yotentha, imanamiza. Dikirani madzulo yazizira, dinikizani ndi chikhatho pomwe panali banga muike mphuno pa mpweya wotulukawo. Likamveka bwerezani, yanga yakale ija inatheka kachitatu.

Pansi nkhani ndi ina, dzuwa silifikako. Pa simenti yambani kukolopa ndi sopo, kenako vinega wosungunula uja mphindi 5 basi nkutsukuluza ndi madzi ambiri, chifukwa asidi akakhalitsa amadya simenti pamachita khakhalakhakhala ndiye mkodzo wotsatira umalowerera kwambiri. Soda pa simenti alibe vuto, angagone mpaka m'mawa. Ngati pansi ndi pozira musataye vinega wanu, palani dothi lonyowalo ndi khasu mukataye, muzirenso ndi latsopano. Mphasa ndi mkeka zokha ndi zomwe dzuwa limakwanira, bola mwatsuka kaye ndi madzi.

Chonde amayi anzanga, jiki musamuphatikize ndi vinega, ngakhale kumuthira pa mkodzo womwe simunatsuke, zimatulutsa mpweya woipa wotsamwitsa ndipo m'kachipinda kotseka mawindo mwana akhoza kubanika.

Pano ndinaika pulasitiki pamwamba pa matiresi, koma ndi kutentha kwa kunoku mwana amadzuka ali nyowee ndi thukuta mpaka sumadziwa kuti wakodza kapena ayi, ndiye ndimayala zitenje ziwiri pamwamba pake, m'mawa ndimangochapa zimenezo.