Chidendene chowawa m'mawa: kukoka zala, kuongola katumba kapena kusintha nsapato?

Ululu umene umabaya pansi pa chidendene munthu akangotsika pabedi, n'kucheperako akayenda pang'ono, kenako n'kubweranso akadzuka pampando atakhala nthawi yaitali, kawirikawiri umachokera m'chingwe cholimba cha kunsi kwa phazi chimene chimayambira pa fupa la chidendene n'kukafika ku zala. Achipatala amatchula vutoli kuti pulanta fashiyaitisi. Usiku phazi limagona lili chowerama, chingwecho chimafupika ndi kuuma, ndipo m'mawa thupi lonse likatsamira pa icho mwadzidzidzi chimakokeka pamene chinagwira fupa, cha mkati mwa chidendene. Ambiri amalangizidwa zinthu zitatu, kukoka zala, kuongola katumba ndi kusintha nsapato, koma zitatuzi sizigwira ntchito imodzi, ndipo sizilingana mphamvu.

Kuongola katumba ndiko kodziwika kwambiri. Mumaima moyang'ana khoma, manja atagwira khomalo, mwendo wodwalawo uli kumbuyo, bondo lili chowongoka ndipo chidendene chili pansi, kenako mumatsamira kutsogolo mpaka mumve kukoka kumbuyo kwa mwendo. Mumakhala choncho masekondi 30, katatu, n'kubwerezanso bondo litapindika pang'ono kuti mnofu wamkati nawonso ukokeke. Chifukwa chake n'chomveka, pakuti katumba wolimba salola kakolo kupinda bwino poyenda, ndiye phazi limalipirira pophwatalala ndi kukoka chingwe cha pansi chija. Mukhoza kudziyesa nokha: ikani chala chachikulu cha phazi pa mtunda wa masentimita pafupifupi 10 kuchokera kukhoma, ndipo yesani kugunditsa bondo kukhomalo chidendene chisanyamuke. Ngati mbali yodwalayo ikulephera pamene inayo ikutha, katumba ali ndi mlandu. Ambiri amalakwitsa polola phazi lakumbuyo kupenyera kunja kapena chidendene kukwera, ndipo akatero kukokako sikufika pamene kukufunika. Koma vuto lalikulu la njirayi n'lakuti kuti mufike kukhomako muyenera kuponda kaye pansi, ndiye kuti ululu wa m'mawa uja wakupezani kale.

Apa ndi pamene kukoka zala kumapambana. Mukadali chikhalire m'mphepete mwa bedi, mumasanjika phazi lodwalalo pa bondo la mwendo winawo, n'kugwira zala zonse m'tsinde mwake ndi kuzikokera m'mwamba, cha ku msongolo. Ndi chala chachikulu cha dzanja linalo mumakhudza kunsi kwa phazi, ndipo ngati mwakoka bwino mudzamva chingwecho chitakungika ngati nsambo ya banjo. Mumagwira masekondi 10, maulendo 10, katatu patsiku, ndipo ulendo woyamba uyenera kuchitika phazi lisanakhudze pansi. Kafukufuku wina wa ku Amereka wa mu 2003, pa anthu amene anadwala miyezi yambiri, anayerekeza njira ziwirizi ndipo anapeza kuti patatha masabata 8 okoka zala ankamva bwino m'mawa kuposa oongola katumba. Ineyo ndimaika njira yokoka zalayi patsogolo chifukwa imafika pamalo enieniwo pa nthawi yeniyeniyo, komanso munthu akhoza kuichita pa ofesi kapena pamsika asanaimirire.

Nkhani ya nsapato ndi ina, chifukwa siichiza m'mawa koma imasamala maola onse otsalawo. Titenge mayi wogulitsa zamasamba pa msika wa Soweto ku Lusaka amene amafika m'bandakucha, amaima pa simenti tsiku lonse atavala mapatapata ophwatalala, madzulo n'kuyenda kuchokera pamene basi yamutsitsa kukafika kunyumba, kumene amaphika ndi kusesa wopanda nsapato. Mayi ameneyu ngakhale atakoka zala mokhulupirika, mphindi zochepa za kukokako sizingapose maola khumi amene chingwecho chikusenza katundu popanda chochirikiza. Kwa iye ndinganene kuti akoke zala pabedi, aveke phazi nsapato imene waisiya pafupi ndi bedi asanaime, ndipo pamsika apeze kampando kokhalapo pamene kulibe ogula. Nsapatoyo siyenera kukhala yatsopano kapena yodula, popeza pa salaula ya ku Kamwala kapena ku Soweto komweko nsapato zothamangira zabwino zimapezeka, bola munthu adziwe kuziyesa. Muipinde ndi manja awiri: iyenera kupindika kutsogolo pamene pamakhala zala, osati pakati. Muipotokole ngati mukufinya nsalu, ndipo ikapotoka mosavuta muisiye. Mutsine chikopa chakumbuyo chimene chimagwira chidendene kuti muone ngati n'cholimba, kenako muitembenuze, chifukwa nsapato ya salaula imabwera itadyeka malinga ndi mayendedwe a mwini wake woyamba, ndipo yodyeka mbali imodzi idzapendeketsa phazi lanu. Kumbuyo kukhale kokwererapo pang'ono kuposa kutsogolo, mwina masentimita 1 kapena 2, zimene zimapeputsa katumba. Nsapato zofewa kwambiri zija zimene phazi limamira m'kati zimakoma pozivala koyamba, koma ngati zikupindika pakati sizichirikiza chilichonse.

Zoyala m'nsapato zogula m'mafamasi zimathandiza anthu ena kwa miyezi ingapo, ndipo pa vuto wamba ngati ili zopimitsa zodula sizinaonetse kuti zimaposa zogula kale zopangidwa, choncho sindiona chifukwa choyambira pa zodulazo. Jakisoni wa pachidendene amaziziritsa ululu kwa masabata ochepa, koma akabwerezedwa akhoza kufooketsa chingwecho mpaka kuduka kapena kusungunula mafuta amene amateteza fupa, n'chifukwa chake amayenera kudikira njira zinazi zitalephera. Ndipo ngati chithunzi cha ekisireyi chaonetsa kafupa kosongoka pa chidendene, musafulumire kukaimba mlandu, pakuti anthu ambiri ali nako koma samva kanthu.

Kwa wogwira ntchito chikhalire, amene ululu wake umabwera podzuka pabedi ndi pampando, kukoka zala ndiko koyamba ndipo katumba amatsatira ngati kuyesa kwa pakhoma kwalephereka. Kwa mlonda, namwino, mphunzitsi kapena wamalonda amene amaima tsiku lonse, nsapato n'zofunika mofanana ndi kukokako, mwinanso kuposa. Kusintha kumabwera mochedwa, ndipo poyeza musayang'ane ululu wa madzulo umene umasinthasintha ndi ntchito ya tsikulo, koma muziona ngati mapazi oyamba a m'mawa akuwawa mocheperako pakatha masabata 6 mpaka 8. Ambiri amachira chaka chisanathe.

Pali zizindikiro zina zimene sizigwirizana ndi vutoli, ndipo zikaoneka njira zonsezi zidikire kaye. Dzanzi kapena kuyaka kwa phazi, makamaka kwa wodwala shuga, kumaloza ku mitsempha imene imachititsa phazi kumva kukhudza. Ululu umene umakula mukamayenda m'malo mochepa, ndipo umabaya mukafinya chidendene m'mbali zonse ziwiri, ukhoza kukhala mng'alu wa fupa. Ululu wa kumbuyo kwa chidendene, pamene pamakhudza chikopa cha nsapato, ndi wa mtsempha waukulu wochokera ku katumba, ndipo chisamaliro chake n'chosiyana. Chimodzimodzinso kutupa, kufiira, kutentha thupi, ululu wodzutsa usiku, kapena zidendene zonse ziwiri kuwawa kwa wachinyamata amenenso msana wake umauma m'mawa. Zoterezi zimafuna kupimidwa ku kiliniki yapafupi, ndipo ngati mwachita zonse moyenera kwa miyezi itatu popanda kusintha, pemphani kalata yokaonana ndi a fiziyo ku chipatala chachikulu.