Mphunzitsi wolipira, matepi a IELTS kapena YouTube: chothandiza ndi chiti pokonzekera intavyu yakunja?

Anzanga mwandifunsa kokwanira, ndiye ndiyankhe kamodzi. Njira zitatu zonsezi ndinaziyesa.

Ndiyambe ndi yomwe inandiwawa. Ndinalembetsa pa kampani ina ya aphunzitsi a Chingerezi a pa intaneti, ati sabata yoyamba ndi yaulere, bola uike nambala ya khadi. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinangoona ndalama za miyezi itatu zadulidwa, osati mwezi umodzi, ndipo kubweza anakana. Komabe ndalamazo ndikanaziiwala zikanakhala kuti ndinapindula. Mphunzitsi wanga anali munthu wabwino, koma ankalankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse padera, ngati akuwerengera mwana nthano. Ndikachita tsinya, iye n'kubwereza ndisanapemphe. Ndinatuluka ndikudziona katswiri.

Kenako intavyu yeniyeni, ndi mayi wina wa ku Glasgow ku Scotland. Kumeneko "t" wa pakati pa liwu amamumeza, ndipo mawu amangothamangitsana. Ndinafunsa ngati ntchitoyo ili ndi mashifiti ausiku, iwo n'kuti "ayi". Ine mtima pansi, n'kuyamba kufotokoza mmene usiku umandivutira. Kani kwawoko liwu lomveka ngati "ayi" wathuyu ndi "inde"! Pambuyo pake anafunsa ngati ndingathe kuchita zomwe pasikirini zinalembeka kuti "hit the ground running". Sindinkadziwa kuti akutanthauza kuyamba ntchito osadikira kuphunzitsidwa nthawi yaitali, ndipo m'malo mofunsa ndinangomwetulira n'kuyankha zina. Ntchito inapita.

Matepi oyeserera a IELTS, mayeso oyesa luso la Chingerezi, ndi abwinopo. Muli mawu a anthu a ku Britain, Australia, New Zealand ndi America, mafunso 40, ndipo pamayeso tepi imalira kamodzi kokha, ndiye khutu limaphunzira kukhala tcheru. Koma nawonso ndi olankhula mosamala, ndipo tepi sikufunsa funso lotsatira.

Yomwe inandipulumutsa ndi yaulere. Ndimayamba ndafufuza mzinda womwe kampani ili, n'kusaka pa YouTube anthu wamba a kumeneko akucheza, osati owerenga nkhani. Kagawo ka mphindi ziwiri ndimakamvera katatu: koyamba popanda mawu olembedwa, kachiwiri pa liwiro la 0.75 mawu ali pansipo, kachitatu pa liwiro lake n'kumabwereza mokweza. Mawu olembedwawo musawakhulupirire kwambiri, kalankhulidwe kakalimba nawonso amasokera.

Chotsala ndi mnzanu wankhanza pang'ono. Wanga ndinamuuza kuti aziponya mkuluwiko umodzi pakati pa mafunso osandichenjeza, ntchito yanga ikhale kumuimitsa n'kunena m'mawu anga zomwe ndamva, kenako kufunsa ngati n'zomwe akutanthauza. Masiku oyamba pakamwa pankauma ndi manyazi. Pa intavyu yotsatira, ndi bambo wa ku Leeds ku England, ndinaimitsa kawiri, ndipo sanadabwe n'komwe, anangobwereza mwanjira ina.

Kampani ija imanditumizirabe maimelo a zotsitsa mtengo. Sinditsegula.